Lendi yakwera: mmene mungawerengere bowo la mu bajeti ndi malipiro oti alitseke

Kalata ya landilodi ikafika yonena kuti lendi ikwera ndi 8 peresenti, anthu ambiri kuno ku Joni amalakwitsa m'njira ziwiri. Ena amaganiza kuti abwana nawonso ayenera kuwakwezera malipiro ndi 8 peresenti. Ena amati ngati lendi yakwera ndi R440, basi malipiro akakwera ndi R440 nkhani yatha. Onsewa samu awo ndi olakwika. Woyamba akupempha zambiri kuposa zimene lendiyo yamudyera, ndipo wachiwiri waiwala kuti pa ndalama iliyonse yowonjezera a msonkho amayamba atapapo. Tiyeni tiwerenge bwinobwino, kuyambira pa kalatayo mpaka pa nambala yoti mupite nayo kwa abwana.

## Zoti mukhale nazo musanayambe

- Pangano la nyumba limene munasaina, ndi kalata kapena uthenga wonena za kukwera kwa lendi.
- Mapepala a malipiro a miyezi itatu yapitayi. Ngati mumalandira pamanja, lembani zimene munalandira sabata iliyonse.
- Sitetimenti ya ku banki ya miyezi itatu yomweyo, malisiti a mayunitsi a magetsi, ndi mauthenga a ndalama zimene munatumiza kumudzi.
- Foni yowerengetsera, cholembera ndi pepala.

Chitsanzo chimene tiyende nacho ndi chongopeka: bambo woyendetsa galimoto ya kampani, amene amakhala ndi mkazi ndi mwana mmodzi mu fulati ku Rosettenville. Malipiro ake asanadule kanthu ndi R14,000 pa mwezi, ndipo lendi ndi R5,500. Inu muziika manambala anu m'malo mwa akewa.

## Gawo 1: Sandutsani peresenti kukhala ma randi

Peresenti salipira nayo lendi. Chulukitsani lendi ya panopa ndi peresentiyo, kenako gawani ndi 100.

```
5500 × 8 ÷ 100 = 440
5500 + 440 = 5940
```

Ngati landilodi wangotchula mtengo watsopano, monga achitira eni zipinda za kuseri ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, chitani samu obwerera. Chipinda cha R1,500 chikafika pa R1,700, kusiyana ndi R200. Gawani 200 ndi 1,500 n'kuchulukitsa ndi 100, mupeza 13.3 peresenti.

Chenjezo: gawani ndi lendi yakale, osati yatsopano. Mukagawa 200 ndi 1,700 mupeza 11.8, ndipo kukwerako kuoneka kocheperapo kuposa mmene kulili.

Musanapitirire, tsegulani pangano lanu pa ndime yonena za kukwera kwa lendi. Lamulo la Rental Housing Act la 1999 siliika malire a peresenti, choncho chimene chimagwira ntchito ndi chimene munasainirana. Ngati pangano ndi la miyezi 12 ndipo silinena kuti lendi ingakwere pakati, landilodi sangaikweze nthawiyo isanathe. Ngati pangano likuti 6 peresenti koma kalata ikuti 10, musavutike kuwerengera 10: muonetseni ndimeyo. Zikavuta, madandaulo a lendi amapita ku Gauteng Rental Housing Tribunal, ndipo kumeneko salipiritsa.

## Gawo 2: Onjezani zimene zimakwera limodzi ndi lendi

Lendi kawirikawiri siyenda yokha. Mapangano ambiri, makamaka a kwa maejenti, amati dipoziti izikhala yofanana ndi lendi ya mwezi umodzi kapena iwiri. Lendi ikakwera, amakuuzani kuti muwonjezere dipozitiyo. Kwa bambo wathu uja, dipoziti ndi ya mwezi umodzi, ndiye afunika kuwonjezera R440 kamodzi kokha. Ndalamayi ikadali yake, ndipo lamulo limati isungidwe ku banki kumene ikupanga chiwongoladzanja, koma m'thumba mwake yatulukamo ndithu. Igaweni pa miyezi 12 kuti ilowe mu bajeti:

```
440 ÷ 12 = 37
440 + 37 = 477
```

Choncho bowo lake lenileni ndi R477 pa mwezi. Ngati ejenti amalipiritsa ndalama yokonzanso pangano, kapena malo oimika galimoto akwera nawo, ziwonjezeni m'njira yomweyi: za kamodzi gawani ndi 12, za mwezi ndi mwezi phatikizani mmene zilili.

Magetsi, madzi ndi zinyalala musaziphatikize pano pokhapokha landilodi wazikweza m'kalata yomweyo. Zimenezi zili ndi nthawi yake. Mitengo ya City Power, Johannesburg Water ndi Pikitup imasintha pa 1 Julayi, pamene amene amagula magetsi mwachindunji kwa Eskom amaona kusintha pa 1 Epulo. Mukazisakaniza ndi lendi simudziwanso kuti chakudyerani ndalama ndi chiti.

## Gawo 3: Pezani ndalama yeniyeni yolowa m'thumba

Yang'anani nambala ya pansi penipeni pa pepala la malipiro, imene imafanana ndi yolowa ku banki. Potengera misonkho ya chaka choyambira mu Malichi 2025, bambo wathu amamudula R1,083.75 ya PAYE, yomwe ndi msonkho wa pa malipiro, ndi R140 ya UIF, thumba lothandiza anthu ntchito ikatha, ndiye pa R14,000 amatsala ndi R12,776.

Ovataimu musaiwerengere, pokhapokha ngati yakhala ikubwera miyezi itatu yonse, ndipo ngakhale zitatero tengani ya mwezi umene inali yochepa. Bonasi ya Disembala isiyeni kunja. Olandira pa sabata achulukitse ndi 4.33, chifukwa masabata 52 kugawa miyezi 12 amapereka nambala imeneyo, osati 4. Amaganyu aphatikize zonse za miyezi itatu n'kugawa ndi 3.

## Gawo 4: Lembani bajeti, muone chotsala

Apa ndi pamene anthu amadzinamiza kwambiri. Lembani zimene sitetimenti ikuonetsa, osati zimene mukanakonda kuti zikhale. Za bambo uja zili chonchi:

- Lendi: R5,500
- Mayunitsi a magetsi: R700
- Madzi ndi zinyalala: R350
- Tekisi, R60 pa tsiku kwa masiku 22: R1,320
- Ufa, ndiwo, sopo ndi zina za pakhomo: R2,600
- Sukulu ya mkaka ya mwana: R600
- Zotumiza kumudzi pamodzi ndi ndalama yotumizira: R800
- Foni: R250
- Gulu la maliro: R150

Zonse pamodzi ndi R12,270. Chotsani pa R12,776, chotsala ndi R506.

Tsopano yerekezani bowo lija ndi chotsalachi, osati ndi malipiro onse. Pa R12,776, ndalama ya R477 ikuoneka yaing'ono, siyikwana n'komwe 4 peresenti. Koma malipiro ambiri anagawidwa kale: tekisi sichotsera mtengo chifukwa choti lendi yanu yakwera. Ndalama yokhayo imene ingameze kukweraku ndi R506 ija, ndipo mukachotsapo R477 patsala R29. Ndiye kuti kukwera kwa 8 peresenti kwadya 94 peresenti ya mpata umene banjali linali nawo. Mwana akadwala kapena ketulo ikapsa, ulendo ndi wa kwa a katapila.

Chenjezo: ngati papepala chotsala ndi R1,500 koma kumapeto kwa mwezi ku banki kumakhala kulibe kanthu, bajeti yanu yasiya zinthu zina. Zoiwalika kawirikawiri ndi ndalama zimene banki imadula, chopereka cha kutchalitchi kapena kumzikiti, chipereganyu, yunifomu ya mwana, ndi ulendo wa basi wopita kumudzi. Za pachaka gawani ndi 12 n'kuziika pa mndandanda. Musapitirire mpaka chotsala cha papepala chifanane ndi chimene mumachiona ndi maso.

Ndi bwinonso kuona gawo la malipiro limene lendi ikutenga. Gawani lendi ndi ndalama yolowa m'thumba: 5,500 pa 12,776 ndi 43 peresenti, pamene 5,940 ndi 46.5 peresenti. Nambala ya 43 peresentiyi tiigwiritsa ntchito pa gawo 6.

## Gawo 5: Werengerani malipiro ofunika kuti bowo litsekeke

Abwana akamati akukwezerani malipiro, amanena za ndalama isanadulidwe. Landilodi amafuna ndalama yodulidwa kale. Choncho funso ndi ili: pa randi iliyonse yowonjezera, ndi masenti angati amene afika m'thumba mwanu?

Msonkho wa kuno umayenda m'magawo. M'chaka cha msonkho choyambira pa 1 Malichi 2025 mpaka kumapeto kwa Febuluwale 2026, munthu wosakwana zaka 65 sankalipira msonkho ngati amapeza zosapitirira R95,750 pa chaka, zomwe ndi pafupifupi R7,979 pa mwezi. Kupitirira apo msonkho unali 18 peresenti mpaka R237,100 pa chaka, kenako 26 peresenti mpaka R370,500. UIF ndi 1 peresenti, koma imawerengedwa pa R17,712 yoyambirira yokha ya mwezi. Malire a msonkhowa amatha kusintha nduna ya zachuma ikalengeza bajeti, ndiye onani a chaka chanu pa tsamba la SARS, bungwe lotolera msonkho. Potengera manambalawa, chotsala pa randi iliyonse yowonjezera ndi ichi:

- Malipiro osafika R7,979 pa mwezi: 0.99
- Kuyambira R7,979 mpaka R17,712: 0.81
- Kuyambira R17,712 mpaka R19,758: 0.82
- Kuyambira R19,758 mpaka R30,875: 0.74
- Olandira pamanja osadulidwa kanthu: 1

Bambo wathu ali pa 0.81. Gawani bowo ndi nambala imeneyi:

```
477 ÷ 0.81 = 589
589 ÷ 14000 × 100 = 4.2
```

Afunika kukwezeredwa R589, zomwe ndi 4.2 peresenti ya malipiro ake. Mutha kutsimikiza: pa R14,589 PAYE ikhala R1,189.77, UIF ikhala R145.89, ndipo m'thumba mulowa R13,253. Kusiyana ndi R12,776 ija ndi R477 yomweyo.

Chenjezo loyamba: musagwiritse ntchito msonkho wa pa pepala lanu lonse. Wina akaona kuti pa R14,000 amadulidwa R1,224 yokha, amati msonkho wake sukwana 9 peresenti. Ndi zoona pa malipiro onse, chifukwa gawo loyamba silidulidwa msonkho. Koma mwayi umenewo munaudya kale. Ndalama yatsopano imakhala pamwamba, ndipo pamwambapo amadula 18 peresenti yathunthu, komanso 1 peresenti ya UIF, zonse pamodzi 19 peresenti. Akanangokwezeredwa R477, m'thumba mukanalowa R386, n'kutsala ngongole ya R91 mwezi uliwonse.

Chenjezo lachiwiri: gawani, musachulukitse. Kuwonjezera 19 peresenti pa R477 kumapereka R568, koma mukadula 19 peresenti pa R568 mutsala ndi R460. Yaperewera ndi R17. Chifukwa chake n'chakuti msonkho amadula pa ndalama yaikuluyo, osati pa yaing'ono imene munayambira.

Ngati kuntchito amadulanso penshoni potengera peresenti, nambala ija imatsika. Tinene kuti amadula 5 peresenti. Pa R100 yowonjezera, R5 ipita ku penshoni, msonkho wa 18 peresenti uwerengedwa pa R95 yotsala n'kukhala R17.10, ndipo UIF itenga R1. Mutsala ndi R76.90, ndiye mugawe ndi 0.769. Bowo la R477 lifuna R620. Njira yachidule ndi kutenga mapepala awiri a miyezi imene malipiro okhazikika anasiyana, kenako kugawa kusiyana kwa manambala a pansi ndi kusiyana kwa manambala a pamwamba.

Pali mantha ena amene amamveka kawirikawiri, akuti ukalowa gawo lina la msonkho malipiro onse amadulidwa kwambiri mpaka kutsika. Sizitero. Ndi ndalama yokhayo yodutsa malire imene imadulidwa pa mlingo watsopano. Ngati muli pafupi ndi malire, gawani ndi nambala yaing'ono ya ziwirizo kuti musaperewere.

## Gawo 6: Sankhani nambala yopita nayo kwa abwana

R589 ikungokubwezerani pamene munali, ndi chotsala cha R506. Siikhudza ufa, tekisi kapena magetsi a mu Julayi. Tinene kuti kampani yalengeza kuti aliyense akwezeredwa 5 peresenti. Kwa bambo wathu ndi R700, yomwe ikadulidwa ndi R567. Lendi itengapo R477, n'kusiya R90 yoti ilimbane ndi kukwera kwa zinthu zina zonse za pa mndandanda uja, zokwana R6,770. Zinthuzo zikakwera ngakhale ndi 2 peresenti yokha, ndi R135, ndipo R90 yatha kale. Ndiye munthu asanyengeke kuti 5 ndi wamkulu kuposa 4.2.

Nambala yachiwiri ndi ya amene akufuna kuti lendi ikhalebe pa 43 peresenti ya ndalama yolowa m'thumba. Apa pokha m'pamene 8 peresenti ija imabwerera: ndalama ya m'thumba iyenera kukwera ndi 8 peresenti, yomwe ndi R1,022, ndipo kugawa ndi 0.81 kumapereka R1,262, pafupifupi 9 peresenti ya malipiro osadula. Ndi mabwana ochepa amene angavomere zimenezi. Nambala yoyamba, R589 ija, ndiyo malire a pansi, ndipo pokambirana yambirani pakati pa ziwirizi. Mukamalankhula tchulani ndalama yosadula, chifukwa ndi imene a ku ofesi ya malipiro amalemba.

Onaninso kalendala. Ngati lendi ikwera mu Malichi koma kuntchito amakweza malipiro mu Julayi, pali miyezi inayi yoti mudzisenzere nokha. Ndi R440 kanayi kuphatikiza dipoziti ya R440, zonse R2,200, ndipo mwezi woyamba wokha ufuna R880 pamwamba pa lendi yakale. Kugawa dipoziti ndi 12 kuja kunali kwa papepala. Ejenti amaifuna yonse nthawi imodzi, pokhapokha mutapempha kuti muzilipira pang'onopang'ono, ndipo akavomera muwauze alembe.

## Gawo 7: Ngati malipiro sakwera, sandutsani bowo kukhala maola kapena malonda

Wa ovataimu ayambe wapeza malipiro a ola limodzi. Wogwira maola 45 pa sabata amakhala ndi maola 195 pa mwezi, ndiye R14,000 kugawa 195 ndi R71.79. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act limati ovataimu ilipidwe kamodzi ndi theka, ndipo isapitirire maola 10 pa sabata.

```
71.79 × 1.5 × 0.81 = 87
477 ÷ 87 = 5.5
```

Afunika maola 6 pa mwezi, mwezi uliwonse osadumpha. Ngati kuweruka mochedwa kukutanthauza kukwera galimoto yodula chifukwa matekisi atha, chotsani ndalamayo pa R87 musanagawe.

Waganyu awerengere phindu la tsiku, osati malipiro a tsiku. Mayi amene chipinda chake chakwera ndi R200, ngati tsiku lochapa ndi kusita limalipira R300 koma tekisi yopita ndi kubwerera imadya R70, tsikulo lamupatsa R230. Tsiku limodzi lowonjezera pa mwezi likwanira, bola likhale lodalirika.

Wamalonda agawe ndi phindu. Ngati pa R100 iliyonse ya zogulitsa mumatsala ndi R20 mutachotsa mpamba ndi thiransipoti, bowo la R477 lifuna malonda owonjezera a R2,385 pa mwezi. Ambiri amaona kuti agulitsa R500 yowonjezera n'kuganiza kuti lendi yapezeka, pamene akudya mpamba.

Kudula bajeti kuli ndi ubwino umodzi: R477 yosungidwa ndi R477 yathunthu, a msonkho sakhudzapo. Vuto n'lakuti pa mndandanda ngati uja malo odula ndi ochepa, ndipo mpeni umathamangira pa zotumiza kumudzi. Ngati ndi momwemo, auzeni makolo kusadafike mwezi, n'kutchula nambala yake. Kukambirana ndi landilodi kulinso ndi mphamvu yomweyo. Akatsika kuchoka pa 8 kufika pa 6 peresenti, lendi ikwera ndi R330 m'malo mwa R440, ndipo R110 yopulumukayo ikufanana ndi kukwezeredwa malipiro ndi R136. Munthu amene amalipira pa 1 mwezi uliwonse ali ndi poyambira, popeza fulati ikakhala mwezi umodzi yopanda munthu mwini wake ataya R5,500, yoposa R5,280 imene kukwera konseko kungamupatse pa chaka.

## Zolakwika zimene zimachitikachitika

Kuwerengera chaka chimodzi chokha. Ngati pangano likuti 8 peresenti chaka chilichonse, chaka chachiwiri amawerengera pa R5,940, osati pa R5,500. Lendi ipita pa R6,415, kenako pa R6,928. Bowo limakula chaka ndi chaka: R440, R475, R513. Samu a gawo 5 muziwachitanso chaka chilichonse.

Kusamuka chifukwa cha mtengo wa lendi wokha. Nyumba yotsika ndi R500 koma yofuna matekisi awiri m'malo mwa imodzi ikhoza kuwonjezera R24 pa tsiku, yomwe pa masiku 22 ndi R528. Mwaluza musanalipire n'komwe galimoto yonyamula katundu. Komanso dipoziti yatsopano imafunika musanalowe, pamene yakale imabwera mutatuluka kale: lamulo limapatsa landilodi masiku 7 ngati palibe chowonongeka, ndi ochulukirapo ngati pali zokonza.

Kugawana kukwera mofanana pamene lendi siigawidwa mofanana. Anthu atatu mu fulati imodzi, wina wa chipinda chachikulu akulipira R2,500 ndipo ena awiri R1,500 aliyense. Kukwera kwa 8 peresenti ndi R200 kwa woyambayo ndi R120 kwa aliyense wa enawo. Mukangogawa R440 patatu, aliyense apereka R147, ndipo a zipinda zing'onozing'ono akumulipirira mnzawo R27 aliyense mwezi ndi mwezi.

Kuphatikiza malipiro a anthu awiri musanagawe. Ngati mayi amalandira R6,000 ndipo bambo R14,000, sali pa gawo limodzi la msonkho. Kuti atseke R477, mayi afunika R482 yokha chifukwa amagawa ndi 0.99, pamene bambo afunika R589.

Kuika chipereganyu pa ndalama zolowa. Mwezi wolandira umaoneka wonona, koma ndi ndalama zanu zomwe munasonkha. Pa bajeti chilembeni kumbali ya zotuluka basi, ndipo ngati nthawi yanu yolandira mungaisinthanitse ndi mnzanu, pemphani mwezi umene dipoziti ikufunika.

Kusiya kulipira lendi chifukwa mwakadandaula. Mlandu ukakhala ku Tribunal, lendi imene munkalipira kale imapitirirabe kulipidwa. Lipirani kudzera ku banki, kapena ngati ndi pamanja funsani lisiti yolembedwa tsiku, ndalama ndi mwezi umene mukulipirira, chifukwa lamulo limakakamiza landilodi kuipereka.